Mmene ndinasinthira kaphunzitsidwe kanga chifukwa cha mwana wovutika kumva

M'kalasi langa la sitandade 4 munali ana 87, ndipo mmodzi wa iwo anali mtsikana wa zaka 11 amene aphunzitsi anzanga ankamunena kuti ndi waulesi ndiponso wamwano, chifukwa akaitanidwa sankatembenuka. Chimene chinandiimitsa mutu chinali kope lake. Ntchito yokopera pa bolodi inali yaukhondo, masamu olembedwa ankawakhoza, koma pa lembetso ndi pa masamu a m'mutu, pamene ine ndimayankhula ana n'kumalemba, ankalephera pafupifupi zonse. Mwana waulesi sasankha chonchi. Ndinayamba kumuyang'anitsitsa, ndipo ndinaona kuti ndikapereka lamulo ankayamba wasuzumira zimene akuchita anzake, ndipo ndikamayankhula ankapendeketsa mutu kuti khutu lamanja liloze kwa ine.

Tsiku lina poweruka ndinamutsalitsa pamodzi ndi mnzake. Ndinaima kumbuyo kwake, mapazi atatu kuchokera pamene anakhala, n'kumatchula mawu odziwika monga nsomba, sopo ndi fisi kuti azibwereza. Anakhoza atatu okha pa mawu 10. Nditaima patsogolo pake, akuona milomo yanga, anakhoza asanu ndi atatu. Kuyesa kumeneku sikulowa m'malo mwa chipatala, koma kunandipatsa chonena kwa ahedi ndi kwa makolo.

Amayi ake atabwera, sindinayambe ndi mawu akuti mwana wanu samva, chifukwa mawu amenewa amamveka ngati chitonzo. Ndinawafunsa kuti: "Mayi, kodi mwanayu anadwalapo matenda aakulu ali wamng'ono?" Iwo anatulutsa buku lake la kuchipatala, ndipo munalembedwa kuti anagonekedwa ndi malungo aakulu ali ndi zaka zisanu, komanso kuti khutu lamanzere linkatuluka mafinya kawirikawiri. Zonse ziwirizi zimatha kuwononga makutu. Ahedi anadziwitsa mlangizi wa maphunziro wa m'zoni yathu, amene anatilumikiza ndi mphunzitsi wa ana ovutika kumva, amene anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu. Iyeyo ndiye anathandiza banjalo kupeza kalata yopitira ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chimene tonse timachitcha Gulupu, kumene kuli chigawo choyeza makutu.

Pepala la zotsatira linasonyeza kuti khutu lamanja limayamba kumva phokoso likafika pa madesibelo 50, umene ndi muyeso wa kukula kwa phokoso, pamene lamanzere limayambira pa 70. Mphunzitsi uja anandimasulira motere: munthu woyankhula bwinobwino ali pafupi nawe amatulutsa mawu a madesibelo pafupifupi 60, ndipo mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu ya mawuwo imatsika ndi madesibelo pafupifupi 6. Choncho ndikaima mita imodzi kuchokera ku khutu lake lamanja, mawu anga ankamufika, ngakhale motsika. Ndikasuntha kufika mamita anayi, ankatsikira pansi pa malire a kumva kwake. Mwanayu anali atakhala kumbuyo kwa kalasi zaka zitatu zathunthu, chifukwa ndi wamtali.

Ndinayamba ndi malo okhala. Poyamba ndinamuika kutsogolo kwenikweni, pansi pa bolodi, koma kumeneko kunali kulakwitsa, chifukwa ankangoona chibwano changa cham'munsi ndipo anzake onse anali kumbuyo kwake. Ndinamusamutsira pa mzere wachiwiri, cha kumbali, kotero kuti khutu lake lamanja linaloza pakati pa kalasi, pamene ndimaima ine ndi pamene pamachokera mayankho a anzake, ndipo lamanzere linaloza ku khoma la mawindo. Kuwala kunkachokera ku mawindowo n'kugwera pa nkhope yanga. Ndinasiya kuima pakhomo kapena pa windo pophunzitsa, pakuti munthu amene kuwala kuli kumbuyo kwake nkhope yake imada, milomo yake osaoneka.

Chovuta kwambiri chinali kusintha ine mwini. Aphunzitsi tinazolowera kuyankhula tikulemba pa bolodi, titafulatira ana, ndipo zinanditengera teremu yonse kuti ndizolowere kulemba kaye, kutembenuka, kenako n'kuyankhula. Ndinasiyanso kukuwa, chifukwa kukuwa kumapotoza milomo ndipo kumakweza malembo a liwu okha, pamene amene iye ankawaphonya anali opepuka monga s ndi f. Kuwerenga milomo nakonso kuli ndi malire amene sindinkawadziwa. Imani pa galasi mutchule mowa ndi bowa popanda kutulutsa mawu, ndipo mudzaona kuti milomo ikuchita zofanana; chimodzimodzi pala, phala ndi bala. Mawu akuti kula ndi gula amasiyana mkati mwa pakamwa, kumene diso silifika. N'chifukwa chake pa lembetso ndinaleka kutchula liwu palokha. Ndimati: "Bowa. Amayi azula bowa kunkhalango. Bowa." Ndipo phunziro lililonse lisanayambe ndimalemba mutu wake ndi mawu atsopano pakona ya bolodi, chifukwa mwana akadziwa kuti tikukamba za mbewu, milomo imawerengeka mosavuta.

Funso lakuti "Wamva?" ndinalitaya. Mwana wovutika kumva anaphunzira kalekale kuti kugwedeza mutu kumamupulumutsa ku manyazi. Mmalo mwake ndimamufunsa kuti andiuze tsamba limene titsegule kapena chimene achite poyamba. Mwana wina akayankha funso kumbuyo, ndimamuloza ndi dzanja kuti mtsikanayo adziwe woyankhulayo, kenako ndimabwereza yankholo nditayang'ana kutsogolo, apo ayi theka la phunziro limamudutsa. Akapanda kumvetsa chiganizo, sindichibwereza katatu momwemo, koma ndimasintha mawu. Mvula ikamagwa pa denga la malata ndimaleka kufotokoza n'kupereka ntchito yolemba, ndipo ndinazindikira kuti pa nthawi imeneyo ngakhale ana ena onse sankandimva.

Patapita miyezi ingapo analandira kachipangizo kothandizira kumva, kovala kuseri kwa khutu. Ambiri tinaganiza kuti vuto latha, koma kachipangizoka kamakweza phokoso lonse, la aphunzitsi ndi la ana 86 omwe, ndipo sabata yoyamba ankakavula n'kukabisa m'thumba. Tinagwirizana kuti azikavala pa maphunziro awiri oyamba okha, kenako tizionjezera pang'onopang'ono. M'mawa uliwonse ndimakayesa. Ndikakafumbata m'dzanja kali koyatsa kayenera kulira ngati likhweru, ndipo kakakhala chete ndiye kuti batire latha kapena kachubu katsekeka ndi litsiro la m'khutu kapena chinyezi. Akakavala, ndimabisa pakamwa panga ndi pepala n'kutchula a, u, i, m, sh ndi s, iye n'kumabwereza. Tsiku limene waphonya s, pamene dzulo lake anamumva, ndimadziwa kuti pali chimene chalakwika. Mabatire ake satha masabata awiri ndipo sapezeka m'magolosale akumudzi kuno, choncho ndimasunga awiri m'kabati ya ahedi.

Zonsezi zinatheka chifukwa mtsikanayu anadwala atadziwa kale kuyankhula ndipo khutu limodzi likumvabe pang'ono. Mwana wobadwa wosamveratu sangathandizike ndi mpando wabwino wokha, pakuti amafunika chinenero cha manja tsiku lililonse, kaya kudzera mwa mphunzitsi wochidziwa kapena pa sukulu monga za ku Mua, Maryview ndi Embangweni. Kumukhazika m'kalasi ngati langa popanda chinenero chimenecho ndi kumunamiza.

Chaka chikutha, ndinalemba tsamba limodzi lopita kwa mphunzitsi wa sitandade 5: khutu limene limamva, malo ake okhala, kayesedwe ka kachipangizo, ndi pempho lakuti mawu atsopano azimulembera pa bolodi phunziro lisanayambe. Pempho lomalizali ndinalidula mzere kunsi kawiri, chifukwa m'kalasi imeneyo maphunziro ambiri amayamba kuphunzitsidwa m'Chingelezi, ndipo milomo ya chinenero chimene mwana sanachizolowere imavuta kwambiri kuwerenga.