Mizere yoyamba ya pulopozo ikhale ya kasitomala

Anzanga amene mukusakasaka maganyu a pa intaneti kuno ku Mulanje, chonde lekani kuyamba pulopozo, kalata yopemphera ganyu ija, ndi mbiri yanu ndi madipuloma. Wofuna kukulembaniyo amawerenga pa foni, ndipo mizere yoyambirira ikapanda kumukhudza amangodumpha.

Tiyerekeze kuti mwini loji ya ku Likhubula walengeza kuti akufuna womupangira webusaiti, n'kudandaulanso kuti alendo okwera phiri amafunsa mitengo usiku, iye n'kuyankha m'mawa alendowo atapeza kale malo kwina. Chikumupweteka ndi alendo akumuthawawo. Ndiye yambani chonchi: "Bwana, alendo anu akupita kwina chifukwa mitengo ndi zipinda zotsala sakuziona pompopompo. Ndikupangirani tsamba limodzi loonetsa zimenezi, lokhala ndi batani la WhatsApp, lotseguka msanga ngakhale netiweki ikuvuta."

Kenako umboni umodzi wokha, ntchito yofanana nayo imene munagwirapo, ndi linki yake. Ngati mulibe, jambulani chitsanzo cha tsambalo muwatumizire. Mtengo ndi tsiku lomaliza muzitchule poyera, pamodzi ndi zimene bwanayo akuyenera kukupatsani, monga zithunzi za zipinda. Ambirife timaopa kutchula mtengo, koma kuubisa kumangochedwetsa nkhani.

Tsekani ndi funso limodzi losavuta kuyankha: "Kodi alendo amalipiriratu pa Airtel Money kapena pa Mpamba?" Musanatumize, chotsani dzina la lojiyo muwerengenso. Mukaona kuti pulopozoyo itha kupitanso kwa wogulitsa nanazi osasintha kanthu, ilembeninso.