Ndaikhoma laputopu, koma inayamba yanditsekera ine kunja

Mnzanga atamubera laputopu, ndinati yanga ndiikhome wakuba asadzangolowetsa fulashi, n'kufufuta zonse, n'kukagulitsa. Ndinkayesa ndi ntchito ya mphindi khumi. Inandidyera tsiku lathunthu.

Kulowa mu BIOS, momwe mumasanjidwa kayakidwe ka kompyuta, kwenikweniko kunandivuta. Laputopu zina ndi F2, zina F10, zina F1, koma yanga imayaka msanga moti chala chimachedwa. Nditatopa ndinatsegula Command Prompt ngati Administrator n'kulemba izi:

```
shutdown /r /fw /t 0
```

Inazima n'kudzukira momwemo.

Pa Security ndinapeza mapasiwedi awiri, ndipo si amodzi. Wa Power-On amafunsidwa mukangoyatsa, Windows isanaoneke n'komwe. Wa Supervisor, kwina amalemba Administrator, ndi woletsa munthu kusintha za mu BIOS. Ikani onse. Mukasanja zinthu bwinobwino koma wa Supervisor palibe, wakuba angolowa n'kubweza zonse mwakale.

Kenako ndinapita pa Boot, ndinakweza Windows Boot Manager pamwamba, ndinasunga, n'kuyatsanso. Pamenepo ndiye panagona nkhani. Sikirini yabuluu, BitLocker, pulogalamu ya Windows yokhoma mafayilo a pa disiki, ikufuna kiyi ya manambala 48! Laputopu yanga ndi yakale, kachipu kake ka chitetezo ndi ka TPM 1.2, ndipo pa zoterezi kungosintha ndondomeko yoyakira kumaoneka ngati kwabwera mlendo. Nanga kiyiyo ndinaisunga kuti? Ndinakutumula madilowa onse kufuna kapepala, thukuta lili kamukamu, mpaka madzulo pamene ndinakumbukira kuti ili mu akaunti yanga ya Microsoft, n'kuiona pa foni. Chonde, lembani kiyiyo papepala musanakhudze kalikonse. Lamulo ili limaionetsa mukatsegula Command Prompt ngati Administrator:

```
manage-bde -protectors -get C:
```

Ndaiwala china. Kukweza disiki pamwamba sikutseka fulashi ayi. Ndinabaya yanga, ndinadina F12 poyatsa, ndipo inaoneka pamndandanda ngati palibe chomwe ndachita. Ndinabwerera kukaika USB Boot ndi Network Boot pa Disabled, ndipo nditayesanso sinaonekenso. Yesani ndi fulashi yeniyeni, musangokhulupirira.

Pasiwedi ya Supervisor musaiiwale. Zija zoti mungochotsa kabatire ka pabolodi n'zakale. Pa laputopu zambiri zamakono pasiwediyo imakhalabe, ndipo zina mpaka kusintha bolodi yonse. Ine ndinasankha zilembo ndi manambala okhaokha, chifukwa BIOS nthawi zambiri imawerenga kiyibodi mwa kasanjidwe ka ku Amereka, ndiye zizindikiro zina zimasokonekera.

Zonsezi n'zongomuchedwetsa wakubayo. Wokhala ndi sikuludiraiva amasula disiki n'kukaiwerenga pa kompyuta ina, ndipo pamenepo yoteteza mafayilo ndi BitLocker yomwe inandizunza ija. N'chifukwa chake sindinaizimitse, ngakhale tsiku limenelo ndinali nayo mkwiyo. Kiyi ija pano ili papepala m'bokosi la masatifiketi, osati m'chikwama cha laputopu.