Lids kapena Leeds

Mpaka pano zikundinyansabe, ndiye bola ndingolemba. Kuntchito kuno ku Leeds kuli agogo ena omwe ndimawasamalira, kale anali aphunzitsi. Lero ndikutsuka makontena awo ndinawafunsa komwe aika zivindikiro, "where are the lids", iwo nkuseka mpaka kutsokomola ati mwana iwe tili momwemo mu Leeds, ukufunanso ina? Zaka zitatu ndili kuno inetu, Chizungu ndinakhoza bwinobwino pa MSCE.

Anatenga pepala nkulemba mbali ziwiri, kumanzere ship, live, fill, sit, kumanja sheep, leave, feel, seat. Ati usayankhule kaye, ndinena liwu limodzi iwe uziloza. Anaphimba pakamwa ndi nyuzipepala kuti ndisaonere milomo. Pa mawu 10 ndinapeza 6, zomwe ngakhale wongolotera atha kupeza. Apa mpomwe mtima unandiwawa, kuti kani vuto si lilime lokha, khutu lomweli silimva kusiyana. Nanga limva bwanji poti ife Chichewa chathu chili ndi a, e, i, o, u basi, i ndi mmodzi yemweyo kaya umukoke kaya umudule tanthauzo silisintha.

Kenako tinasinthana, ine kunena iwo kuloza. Ndinkadziwa zakusukulu zija zoti ina ndi yaifupi ina ndi yaitali, ndiye ship ndinkangoithamangitsa fasiti, koma chala chawo chimapitabe ku sheep. Kanayi konse! Ati i wangayo ndi wa sheep kale, kumufupikitsa kumangotulutsa nkhosa yothamanga. Wa ship ndi wina, milomo isamwetulire, chibwano chitsike pang'ono, lilime lifooke, mawu agwere pakati pa i ndi e wathu ngati munthu waulesi amene sakufuna nkuyankhula komwe. Nditayesa ndinadzimva ngati ndikuti shep, manyazi, koma analoza kumanzere.

Chomwe chandisokoneza kwambiri ndi ichi, ati kutalikako nkosadalirika. Ananena seed kenako seat, ndipo zoona i wa seat ndi wamfupi poyerekeza, chifukwa t, p ndi k kumapeto zimadula liwu lomwe lili patsogolo pake. Ndiye sheep yomwe timati yaitali ija p amaidulanso. Nanga aphunzitsi athu aja ankatikokeretsa shiiiip chifukwa chani, kaya.

M'basi pobwerera ndimangong'ung'udza fill feel fill feel, mayi wina pafupi nkumandiyang'ana. Ndayamba kukumbuka kangati ndauza abwana "I want to leave early" ndi kangati ndanena "I live in Beeston", onse awiri ndimatchula chimodzimodzi ndipo palibe anandiuzapo, amangomva kuchokera pa nkhani yake. Agogo ati mawa ndi full ndi fool. Ndadzijambula mawu pafoni kuti ndimvere koma sindinatsegulebe