01:30 yomwe inabwera kawiri

Sabata ziwiri ndakhala ndikulimbana ndi mizere iwiri ya mu logi, ndipo dzulo madzulo, mvula ikutsika kuchokera kuphiri, ndi pomwe zinandilowa m'mutu. Ndinaseka ndekha m'labu mpaka mlonda anasuzumira pawindo.

Pulojekiti ya gulu lathu ndi yaing'ono. Kagulu kena ka alimi a mpunga a kufupi ndi nyanja ya Chilwa kamalemba malonda ake pafoni, ndiye usiku uliwonse sikiriputi yathu imatenga malonda a dzulo n'kuwakopera mu databesi ya malipoti. Seva tinachita kubwereka, ili ku London, ndipo palibe mmodzi wa ife anayang'anapo kuti wotchi yake ikutsata nthawi ya kuti. Mnzanga amene analemba gawo lodzutsa ntchitoyi sanafune za `cron`, pulogalamu yodzutsa ntchito pa nthawi yoikika, anangolemba chonchi:

```python
while True:
    if datetime.now().strftime("%H:%M") == "01:30":
        lunzanitsa()
    time.sleep(60)
```

Zinkayenda bwinobwino mpaka Lamlungu la pa 26 Okutobala 2025. M'mawa mwake lipoti linaonetsa kuti Loweruka panagulitsidwa mpunga wochuluka kawiri kuposa umene unatuluka m'nkhokwe. Malonda anali 47, mu lipoti munali 94. Mu logi munali izi:

```
2025-10-26 01:30:12 sync ok 47
2025-10-26 01:30:40 sync ok 47
```

Aliyense woona mizere imeneyi anganene kuti pakati pake padutsa masekondi 28. Ifenso tinatero, ndipo apa ndi pomwe tinasochera. Tinaganiza kuti wina anayatsa sikiriputi kawiri. Tinayang'ana ndi `ps`, inali imodzi yokha. Tinalozana zala pagulu, ine ndinakayikira ngakhale laputopu yanga. Chimene chinandipulumutsa n'choti databesi imasunga yokha nthawi imene mzere uliwonse walowa, ndipo nditaipempha kuti indionetse mu UTC, nthawi imene mayiko onse amawerengerapo nthawi zawo, mizere 47 yoyamba inali ya 00:30, inayo ya 01:30. Pakati pake panadutsa ola lathunthu ndi masekondi 28 aja.

Ife kuno sitisuntha wotchi. Malawi ali pa UTC+2 chaka chonse, ndiye tinakula tikudziwa kuti ola lililonse limabwera kamodzi patsiku, basi. Ku London sizili choncho. Lamlungu lomaliza la Malichi, ikakwana 01:00 wotchi imalumphira pa 02:00. Lamlungu lomaliza la Okutobala, ikakwana 02:00 imabwerera pa 01:00. Izi ndinkazidziwa kale ngati nkhani ya m'buku. Chimene sindinkachiona n'choti "01:30" ndi dzina chabe lomwe wotchi yapakhoma imapereka ku kamphindi kena. Zili ngati mphunzitsi kuitana kuti "Banda!" m'kalasi: tsiku lina amayankha mmodzi, tsiku lina awiri, tsiku lina onse ajomba. Usiku wa Okutobala uja dzinali linali ndi eni ake awiri. Woyamba anali 01:30 ya BST, nthawi ya ku London wotchi isanabwerere, yomwe ndi 00:30 UTC, kuno ku Zomba 02:30. Wachiwiri anali 01:30 ya GMT, nthawi ya ku London wotchi itabwerera, yomwe ndi 01:30 UTC, kuno 03:30. Sikiriputi yathu inkangomvera dzina, ndiye inayankha onse awiri, ndipo popeza deti la pa seva linali lomwelo, "dzulo" linali Loweruka maulendo onse.

Taonaninso manyazi ena apa: miyezi yonseyi timanena kuti ntchito yathu imadzuka 01:30 usiku, pomwe kuno imakhala ili 02:30.

Nditamvetsa zimenezi ndinadzifunsa za Malichi, ndipo ndinayesa pa laputopu:

```
TZ=Europe/London date -d '2026-03-29 01:30'
```

Yankho lake ndi `invalid date`. Nthawi imeneyo kulibe. Wotchi idzachoka pa 00:59 n'kufika pa 02:00, sikiriputi sidzaona "01:30" usiku wonse, ndipo malonda a Loweruka la pa 28 Malichi sadzakopedwa. Kwa ine ili ndiye vuto loopsa kuposa loyamba. Zikabwera kawiri wina amadabwa ndi chiwerengero. Zikadumphidwa, mu logi simulembedwa kanthu, palibe cholakwika chomwe chimatuluka, ndipo usiku wotsatira ntchito imatenga za Lamlungu ngati palibe chachitika. Ungazindikire pokhapokha utawerenga madeti mmodzimmodzi n'kupeza kuti lina lasowa.

Chomwe chikundinyansa n'choti m'kalasi nkhani ya nthawi tinaidutsa m'mphindi zosakwana khumi. A lekichala anangoti, "Izi ndi za azungu, kwathu kuno sizitikhudza," n'kupita pa mutu wina chifukwa mayeso anali pafupi. Sindikuwada, silabasi ndi yaitali, magetsi nawo amatidyera maola a labu. Koma seva zimene timakwanitsa kubwereka zili kwa azungu komweko. Ndipo nditawaonetsa, anandifunsa chifukwa chimene sitinagwiritsire `cron`. Apo anali ndi mfundo, ndivomere. `cron` ya pa Debian imadziwa za vutoli: wotchi ikasuntha ndi maola osakwana atatu, ntchito ya ola lokhazikika yomwe yadumphidwa imayendetsedwa nthawi yomweyo, ndipo wotchi ikabwerera m'mbuyo siibwereza. Ife tinalemba yathu yopanda nzeru zimenezo.

Panopa ndasanduka mlaliki wa UTC. Anzanga atopa nane. UTC silumpha, sibwerera, dzina lililonse lili ndi mwini mmodzi, ndipo popeza Malawi sasintha, 23:30 UTC idzakhala 01:30 ya kuno mpaka kalekale pokhapokha boma litaganiza zina. Ndinasintha kukhala `datetime.now(timezone.utc)` ndi "23:30" m'malo mwa "01:30", ndinaonjezanso `%z` pa nthawi ya mu logi kuti tiziona `+0100` kapena `+0000`. Zikanakhalapo poyamba paja, sabata ziwirizi sindikanazitaya. Ndikadakhala ndi mphamvu ndikadalamula kuti wotchi ya seva iliyonse ikhale pa UTC, ndipo wophunzira asakhudze seva asanalembe `timedatectl`.

Komabe UTC yomweyo inandiluma usiku woyamba. Pa 23:30 UTC, kuno kwalowa kale tsiku latsopano koma ku UTC likadali lakale, ndiye "dzulo" linasanduka dzana. Ndinachita kuwerengera deti padera ndi `ZoneInfo("Africa/Blantyre")`. Ola lodzukira lili mu UTC, koma tsiku la malonda ndi la alimi, ndipo alimiwo ali ku Zomba.

Mnzanga uja, amene ndinkamunena kuti ndiye anayambitsa zonsezi, anabwera ndi maganizo omwe ndikuwakana pakamwa koma mumtima ndikuona kuti ndi oona. Akuti ola lisatipweteketse mutu, ntchitoyo ikhale yoti ngakhale itayenda kasanu zotsatira zikhale zomwezo. Malonda aliwonse ali ndi nambala yake, tiike `UNIQUE` pa nambalayo ndi `ON CONFLICT DO NOTHING` polowetsa, ndipo m'malo mofunsa za "dzulo" tizisunga pomwe tinalekezera n'kuyambira pamenepo. Zikatero kubwereza sikuononga kanthu, ndipo usiku wodumphidwa umakwaniritsidwa ndi wotsatira, kaya unadumphidwa ndi wotchi kaya seva inangozima.

Gawo la `UNIQUE` taika kale. La polekezera ndi lomwe likundizunguzabe. Mafoni a alimi amatha masiku awiri opanda netiweki, ndiye malonda a Lachiwiri amatha kufika Lachinayi atanyamula nthawi ya Lachiwiri. Tikamayambira pomwe tinalekezera potsata nthawi yogulitsira, amenewa atsala m'mbuyo. Mwina titsate nthawi yofikira, mwina tizibwerera masiku angapo usiku uliwonse popeza kubwereza sikukuopsanso. Masiku angati, sindinaganize bwino, ndipo pulojekiti tikupereka Lachisanu.