Tsiku limene kompyuta inandigwira kuti ndine kompyuta

Popeza nkhaniyi yafika kale pamsika, ndipo dzulo wakabaza wandifunsa kuti "aphunzitsi, mwatchajidwa lero?", ndiloleni ndiifotokoze ndekha musanaithire mchere wina.

Inde, ndinaitanitsa mayi a mwana wina amene ndimamuphunzitsa. Inde, ndinamenya tebulo. Koma zoti ndinakwera pampando ndi bodza la aphunzitsi a masamu.

Chimangirizo chake chinali cha mpikisano, cha Chingerezi, chotayipa pakompyuta, chokamba za kuchepa kwa nsomba kuno ku Nkhotakota. Ziganizo 50. Ine, ndi bandulo yanga yogula ndekha, ndinachiponya m'kapulogalamu kaulere kamene amati kamagwira zolembedwa ndi makina ngati ChatGPT. Lipoti litabwera, ziganizo 9 zinali zitapakidwa chikasu, pamwamba palembedwa 18%. Abale, mtunduwo umakhutiritsa. Ukauona umakhala ngati wapeza mbuzi m'munda chimanga chili kukamwa.

Mawa lake mayi aja anabwera pakabaza kuchokera cha ku Chia, atasiya mpunga wawo pamalonda. Ahedi analipo, sitafu yonse inalipo, chifukwa ndinali nditalengeza kuti lero muona sayansi. Ndinatembenuza laputopu, ndikuwerenga chiganizo choyamba chachikasu mokweza, chimene chimanena kuti nyanja ya Malawi ndi yachitatu kukula mu Afirika ndipo ndi gwero lofunika la chakudya ndi ntchito kwa anthu okhala m'mbali mwake. Ndinachiwerenga kawiri. Ndinati, "Mayi, tamverani. Mulibe moyo m'mawu awa. Mulibe magazi. Munthu wodya nsima sangalembe chonchi. Ichi chalembedwa ndi chinthu chimene sichinaonepo nyanja, sichinanunkhizepo usipa, chinthu chopanda mayi wake."

Chopanda mayi wake! Mawu amenewo ndinawanena ine, pakamwa panga, ndili chiimire.

Mtsikanayo sanalire. Anatsegula chikwama mwaulemu, n'kutulutsa kope la Folomu 3 lopanda chikuto, n'kugwada pang'ono popereka kwa ahedi. "Sala, ndi manotsi anu aja." Ahedi anavala magalasi. Anayang'ana kope, anayang'ana laputopu, anayang'ananso kope, chala chikuyenda liwu ndi liwu ngati akuwerenga ndalama za chitukuko. Chiganizocho chinali momwemo, sichinasiyane ndi koma yemwe. Pansi pake panali siginecha yanga ya bolopeni yofiira. Manotsi amenewo ndakhala ndikuwalemba pabolodi ndi choko chaka ndi chaka, kuyambira makinawo asanabadwe. Pa ziganizo 9 zija, 7 zinali zanga. M'sitafumo munangoti zii, moti ndinkamva mbuzi ikubzikula kunja kwa windo. Kenako mayi aja anafunsa motsitsa mawu, "Ndiye opanda mayi awo aja ndi ati, aphunzitsi?"

Amene anandipulumutsa, kapena kundimaliza, ndi mnyamata wathu wophunzitsa kompyuta. Anaimirira n'kunena kuti, "Tonse timalize: mutu umodzi susenza..." Sitafu yonse, ndi ahedi omwe, "Denga!" Iye akuti, "Basi, nonse ndinu makina." Anati pulogalamuyo ilibe kumene imakaona kuti chiganizo chinachokera. Imasiyana ndi ija yogwira zokopera, imene imakuonetsa buku kapena tsamba limene munthu wabamo, iwe n'kuyerekeza ndi maso ako. Iyi ilibe choti ikuonetse. Imangoyeza ngati mawu akutsatana mmene aliyense angayembekezere. Makina olemba aja amakonda kusankha liwu loyembekezeka, ndiye chiganizo chikakhala chosalala, chopanda chodabwitsa, chimapakidwa. Nanga manotsi a mphunzitsi si ndiwo amasalala kuposa zonse? Ine ndawapala zaka zonsezi kuti mwana aliyense aloweze.

Apa ndidziikire kumbuyo pang'ono. Makinawo anaphunzira kulemba powerenga Chingerezi chabwino. Ngati akulemba ngati ine, wokopera mnzake ndi ndani? Ndinanena zimenezi m'sitafumo, palibe anaseka, koma mfundoyo ndikuikakamirabe.

Zotsala ziwiri zija zinali zakezake za mwanayo, za malume ake amene kale ankabwera ndi chambo chodzaza bwato koma lero amabwera ndi ukonde wonyowa basi. Ndinafunsa kuti nanga izi zapakidwiranji, muli malume a munthu? Mnyamata uja anati mapulogalamu ena otere sayeza chiganizo pachokha, chifukwa mawu khumi ndi ochepa kwambiri kuti uweruzirepo. Amadula nkhani m'zigawo zolowerana, ziganizo zingapo pamodzi, ndipo chiganizo chilichonse chimalandira malikisi kuchokera ku zigawo zimene chagweramo. Choncho chimatha kupakidwa chifukwa cha anansi ake. Za malume zija zinali pakati pa manotsi anga, zinangopsera limodzi.

Anatenga laputopu yanga, n'kudula chiganizo chimodzi cha malume, n'kukachiika m'ndime ina kumunsi, osasintha liwu ndi limodzi lomwe. Titayesanso, chikasu chinachoka. Chiganizo chomwecho, mwana yemweyo, malume omwewo, koma tsopano akuti ndi munthu. Chinanso, chiganizo china chimene poyamba chinali choyera chinapakidwa. Ine ndinapempha kuti tiyesenso kachitatu, mwina netiweki, ahedi anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Kenako aphunzitsi a masamu, amene samalola mwayi kudutsa, anapita pabolodi. Mnyamata uja anali atanena kuti kampani ya Turnitin, imene pulogalamu yake mayunivesite amalipira ndalama, inavomera yokha mu 2023 kuti pa ziganizo 100 zimene imapaka, pafupifupi 4 zimatha kukhala zolembedwa ndi munthu, ndiponso kuti zolakwikazo zimachuluka pamalire, pamene chiganizo cha munthu chayandikana ndi chokayikitsa. Ndipo zotsatira zikakhala zosafika 20%, masiku ano sionetsanso nambala, imangoika kanyenyezi, chifukwa pamenepo ndi pamene imaphonya kwambiri. Amasamu analemba 20 wamkulu, pansi pake 18 wanga, n'kujambula mzere. "Yolipira ija ikanachita manyazi kutchula nambala imeneyi. Yaulere yanu yatchula, inu n'kuitanitsa kholo kuchokera ku Chia." Anaonjezera kuti ku yunivesite ya Stanford, chaka chomwecho, anayesa mapulogalamu 7 pa zimangirizo 91 za anthu amene Chingerezi si chiyankhulo chawo, ndipo zoposa theka zinkanenedwa kuti ndi za makina. Ana athu ndi amenewo: amalemba ndi mawu ochepa amene akuwadziwa bwino, mosamala, mmene tinawaphunzitsira ifeyo.

Chimene chimandiwawa kwambiri sichimenecho. M'mulu womwewo munali chimangirizo cha mnyamata wina chimene chinatuluka choyera mbee, 0%, ndipo ndinamuyamikira pa asembule. Sabata yatha anzake andiuza kuti anachitenga pafoni ya achimwene ake, n'kusinthamo mawu apa ndi apo, n'kuthiramo dala zolakwika zingapo. Nditamufunsa kuti mtsinje wa Bua, umene anautchula katatu, uli mbali iti ya boma, analoza kunyanja. Funso limodzi lomwelo likanandikwanira kwa onse awiri, popanda bandulo.

Ndinabweza ndalama ya kabaza ya mayi aja, kupita ndi kubwerera, ndipo ndinagulanso mpunga wawo ndowa imodzi pamtengo umene sindinayerekeze kunenerera. Mwanayo ahedi anamuuza kuti ziganizo zanga 7 azilembenso m'mawu ake, poti kukopera manotsi mumpikisano n'kulakwa ndithu. Mfundo imeneyi ndimaikumbutsa anthu, koma palibe akuisamala. Mpikisanowo sanapambane. Mpungawo ndi wabwino.