Sabata ya masikirini akuda ndi laputopu yosowa mawu

Ku ofesi kwathu ndine woyang'anira makompyuta, ndipo malaputopu ambiri ndi a mtundu umodzi chifukwa anagulidwa pamodzi. Ubwino wake, chaja ya wina imagwira kwa mnzake. Kuipa kwake, imodzi ikadwala ndi apudeti, dziwani kuti inzake ili pamzere. Sabata yathayi zinandithera pa madalaiva, timapulogalamu tija tomwe timalumikiza Windows ndi zipangizo za m'kati mwa kompyuta monga za chithunzi ndi za mawu.

Lolemba m'mawa ndisanakhale pansi, amayi a ku akaunti anali atafika kale laputopu ili kukhwapa. "Achimwene, sikirini yafa, ndipo malipiro a anthu ali momwemu. Lachisanu inangolemba kuti ndisaizimitse, ine n'kuisiya." Ndinaiyatsa. Chizindikiro cha kampani yopanga laputopuyo chinaoneka bwinobwino, timadontho tija tinazungulira, kenako bii, mdima. Koma fani imamveka, ndipo ndikadina Caps Lock kanyali kake kamayaka n'kuzima.

Pamenepa mpomwe ambiri amatayira ndalama kugula sikirini ina. Chizindikiro choyamba chija chimaonetsedwa dalaiva ya chithunzi isanayambe ntchito. Ndiye ngati chaoneka chowala, chopanda mizeremizere, ndiye kuti galasi, nyali yake yakumbuyo ndi kawaya kodutsa pahinji zili moyo. Mdima ukamabwera nthawi yomwe Windows ikulowa, woyamba kumukayikira ndi dalaiva. Sikirini yowonongekadi imaoneka mwina: nyali ikafa, mukaunika ndi tochi pafupi mumaona chithunzi chozimiririka, ndipo waya ukamaduka, chithunzi chimasintha mukamapendeketsa chivundikiro.

Ndinayesa kaye Win+Ctrl+Shift+B, mabatani omwe amadzutsanso dalaiva ya chithunzi. Inalira kamodzi kusonyeza kuti Windows yamva, koma mdima sunachoke. Kunatsala kulowa mu Safe Mode, momwe Windows imayaka ndi zofunikira zokhazokha. Popeza sindimaona poti n'kudina, ndinaizimitsa mokakamiza pogwira batani loyatsira nthawi yomwe Windows imayamba kulowa. Mukatero kawiri, ulendo wachitatu imakupititsani yokha ku tsamba lokonzera. Kumeneko njira yake ndi Advanced options, Troubleshoot, Advanced options kachiwiri, Startup Settings, Restart, kenako kudina 4. Chenjezo: ngati laputopu ili ndi BitLocker, loko ya Windows yotsekera zomwe zili pa disiki, panjirapa imafunsa kiyi ya manambala 48. Zathu ndimasunga padera. Wokonza m'tauni azifunsa mwini wake za kiyiyi asanagwire chilichonse.

Mu Safe Mode chithunzi chinabwera, zilembo zikuluzikulu, chifukwa m'menemo Windows imagwiritsa ntchito dalaiva yake yongothandizira, yotchedwa Microsoft Basic Display Adapter. Umenewo unali umboni wokwanira. Ndinatsegula Device Manager, pansi pa Display adapters n'kulowa mu Properties. Pa tsamba la Driver pali Driver Date, koma deti limenelo lisakupusitseni, ndi lomwe opanga dalaiva analembapo, osati tsiku lomwe inalowa pa kompyuta yanu. Tsiku lenileni lili pa tsamba la Events, ndipo apa linaonetsa Lachisanu madzulo, monga ananenera amayiwo. Batani la Roll Back Driver linali lodinika. Ndinalidina, ndinasankha chifukwa pa mndandanda womwe imafunsa, n'kuyatsanso. Chithunzi chinabwerera, mafayilo onse ali m'malo mwake. Amayi aja anangoti, "Basi? Ine ndimaganiza mufomata." Ayi, kufomata chifukwa cha dalaiva imodzi n'kutentha nyumba pofuna kupha khoswe.

Batani limeneli limagwira chifukwa Windows ikaika dalaiva yatsopano siitaya yakale nthawi yomweyo, imaisunga m'nkhokwe yake, pa C:\Windows\System32\DriverStore\FileRepository. Koma limabwerera sitepe imodzi yokha. Pakalowa madalaiva awiri motsatizana, oipa onse, likubwezerani pa woipa woyambayo. N'chifukwa chake ndimathamangira kubweza munthu asanayambe kuyesa izi ndi izo.

Lachiwiri anabwera ena a mtundu womwewo, koma awa sikirini imangophethira. Ndimatsegula Task Manager n'kuyang'ana: ikamaphethira limodzi ndi zina zonse, kawirikawiri ndi dalaiva, ikakhala njii pomwe zina zikuphethira, ndi pulogalamu ina. Onsewa inali dalaiva yomwe ija, ndipo ndinabweza osalowa n'komwe mu Safe Mode. Kwa omwe inali isanawafikire ndinadina Pause updates, yomwe imaimitsa maapudeti mpaka masabata 5.

Lachitatu ndinapita ku msonkhano, ofesi n'kumusiyira mnyamata yemwe akuphunzira ntchito. Nditabwera ndinamupeza atagwira kumutu. "Bwana, ndaichotsa dalaiva ija, sikirini inakhala bwino, koma ndikangoyatsanso vuto likubwerera." Iye anadina Uninstall device m'malo mwa Roll Back Driver, ndipo zinthu ziwirizi si chimodzi. Uninstall device paokha imangochotsa chipangizo pa mndandanda, dalaiva n'kutsala m'nkhokwe. Poyaka, Windows imapeza chipangizo chopanda dalaiva, imayang'ana m'nkhokwemo, n'kusankha yomwe ikuiona kuti ndi yoyenera kwambiri, ndipo pakati pa zofanana imatenga ya deti latsopano. Ndiye kuti yoipa yomwe ija. Kuti ichokedi pamafunika kuchonga kabokosi ka pa uthenga wotsimikizira, kolembedwa Delete the driver software for this device pa Windows 10, kapena Attempt to remove the driver for this device pa Windows 11. Tinachonga, intaneti titathimitsa, ndipo Windows inatenga yokha dalaiva yakale yomwe inali ikadali m'nkhokwe.

Ntchito yomwe inandidyera nthawi inali ya Lachinayi. Abwana a mapulojekiti anali ndi msonkhano wa pa intaneti masana, koma laputopu yawo inali zii. Pa kasipika ka pakona panali mtanda wofiira, ndipo ukaloza pamenepo pamalembedwa No audio output device is installed. Uthenga umenewu ndi wosiyana ndi voliyumu yotsika kapena mawu othawira ku pulojekita kudzera pa waya wa HDMI. Apa Windows sikuona chipangizo cha mawu n'komwe. Nditawafunsitsa anaulula kuti mphwawo anawaikira kapulogalamu kolonjeza kusintha madalaiva onse pa kudina kamodzi, kenako "anaitsuka" kuti izithamanga. Timapulogalamu timeneti ndilibe nato mawu abwino. Timangoona nambala yaikulu, sitidziwa kuti dalaiva ya mawu ya laputopu imakhala itakonzedwa ndi opanga laputopuyo molingana ndi masipika, maikolofoni ndi bowo la mahedifoni la mtundu umenewo.

Roll Back Driver linali lotuwa, losadinika. Limatero ngati palibe dalaiva yakale yosungidwa, mwina chifukwa sipanakhalepo ina, mwina chifukwa inafufutidwa. Disk Cleanup ili ndi kabokosi ka Device driver packages komwe kamachotsa zakalezo, ndipo kutsuka kwa mphwawo kunadutsa pamenepo. System Restore, yomwe imabwezera Windows momwe inalili tsiku lina m'mbuyomu, nayo inali yozimitsa. Kunatsala kuchotsa zonse n'kuika mwatsopano.

Choyamba si kuchotsa, n'kukhala ndi yolowa m'malo m'manja. Ndinatembenuza laputopu, ndinawerenga nambala ya mtundu wake pa kapepala ka pansi, n'kutsitsa dalaiva ya mawu pa tsamba la kampani yopanga laputopuyo, ya Windows yomwe ilipoyo. Kenako ndinathimitsa Wi-Fi, apo ayi Windows Update ikanandipitirira n'kuika yake ndisanamalize. Kapulogalamu ka mphwawo ndinakachotsa.

Mawu pa malaputopu a masiku ano sadalira dalaiva imodzi. Pansi pa Sound, video and game controllers pamakhala chipangizo chomwe aliyense amachidziwa, koma pansi pa System devices pamakhala china chomwe choyambacho chimadutsiramo, chomwe pa malaputopu ambiri chimalembedwa Intel Smart Sound Technology. Chapansichi chikapanda kudzuka, chapamwamba chimasowa pa mndandanda, ndiye munthu amafunafuna pomwe palibe vuto. Nkhani yotere inamveka mu Okutobala 2018, pamene dalaiva ya chipangizo chimenechi inafika pa makompyuta osayenera kudzera mu Windows Update, mpaka Microsoft inatulutsa KB4468550 yoichotsa. Pa laputopu ya abwanawa, kachizindikiro kachikasu kanali pansi pa System devices, ndi uthenga wa Code 10, kutanthauza kuti chipangizo chalephera kuyamba.

Ndinachichotsa nditachonga kabokosi kaja, kenako ndinatsegula Command Prompt ngati Administrator kuti ndione zotsalira m'nkhokwe:

```
pnputil /enum-drivers
```

Lamuloli limaonetsa dalaiva iliyonse yoikidwa ndi dzina lake la oem, dzina loyambirira, mwini wake, gulu lake, deti ndi nambala. Ndinapeza ina ya mawu yomwe nambala yake imasiyana ndi ya pa tsamba la opanga laputopu, pa kompyuta imeneyi inali oem47.inf:

```
pnputil /delete-driver oem47.inf /uninstall
```

Nambala ya oem imasiyana pa kompyuta iliyonse, choncho musakopere yangayi. Werengani mzere wonse kawiri, chifukwa mukafufuta ya disiki kapena ya netiweki, mwaputa vuto loposa la mawu. Nditayatsanso ndinaika dalaiva yotsitsa ija, n'kuyatsanso kachiwiri ngakhale siinandikakamize. Kuyesa kwake si kungomva kanyimbo. Ndinamvera sipika ya kumanzere ndi ya kumanja payokhapayokha, ndinalowetsa mahedifoni kuona ngati masipika akukhala chete, ndinawazula kuona ngati mawu akubwerera, ndiponso ndinajambula mawu anga pa maikolofoni. Dalaiva yolakwika nthawi zina imabweza masipika n'kusiya maikolofoni ili yakufa, ndipo zimadziwikira pa msonkhano anthu akufuula kuti sakukumvani. Zonse zinayenda. Ikanakhala dalaiva ya chithunzi yokakamira chonchi, ndikanagwiritsa ntchito Display Driver Uninstaller mu Safe Mode, koma sabata ino sizinafike pamenepo.

Lachisanu ndinatseka khomo lomwe dalaiva ya chithunzi ija inalowera. Mu gpedit.msc, chida choikira malamulo a Windows, pansi pa Windows Components ndi Windows Update, muli lamulo lotchedwa Do not include drivers with Windows Updates. Mukaliyatsa, maapudeti a chitetezo amapitiriza kubwera koma madalaiva ayi. Chida chimenechi chilipo pa Windows Pro, pa Home palibe. Mtengo wake ndi wakuti madalaiva tsopano ndi katundu wanga, ndipo ena amabwera kudzatseka mabowo a chitetezo, ndiye sungangowaiwala. Ndapatula laputopu imodzi yoyesera, dalaiva yatsopano izikhala pamenepo kaye isanapite kwa anthu, ndipo madalaiva omwe akugwira bwino ndawasunga pa fulashi ndi nambala zawo.

Madzulo ake anabwera abambo a ku sitolo ya katundu, atamva mbiri, nawonso akuti apudeti yawaonongera sikirini. Yawo inali ndi mizere yobiriwira kuyambira pa chizindikiro choyamba chija, ndipo ndikaweramitsa chivundikiro mizereyo imasuntha. Nditalumikiza monita yapadera, chithunzi chinali choyera. Imeneyo ndi ya waya wa pahinji, ndipo ndailembera fomu yoti ipite kwa okonza Lolemba.