Nambala ya 0.97 inatsala pang'ono kuchotsetsa anzanga ntchito

Sabata imene yangothayi ndinakwiya kwambiri, ndipo mtima sunatsikebe. Tili ndi mabuku 6 a dayale olembedwa pamanja ndi munthu mmodzi kwa zaka zoposa 20, masamba pafupifupi 900 onse pamodzi. Ntchito yanga ndi kuphunzitsa modelo, pulogalamu ya kompyuta yowerenga zolemba pamanja n'kuzisandutsa zotayipidwa, kuti izolowere dzanja la munthu ameneyu. Modelo yomwe tinayambira, yophunzitsidwa pa zolemba za anthu ambiri, inkalakwitsa zilembo 18 pa 100 zilizonse, ndipo zotuluka zake sizinkawerengeka.

Lolemba ndi Lachiwiri zinali ntchito za masiku onse: kukonza mizere mu eScriptorium, pulogalamu yodula tsamba m'mizere ndi kutayipiramo, pomwe yadula molakwika, kutulutsa mafayilo, kenako kudikira kompyuta yamphamvu imodzi yomwe tonse timalimbirana. Masamba otayipidwa anali 30 okha, onse a buku loyamba, poti anzanga awiri otayipa anauzidwa kuti ayambire tsamba loyamba n'kumapita motsatana. Ndinayendetsa `ketos train`, lamulo lophunzitsira modelo mu pulogalamu ya Kraken, kungofuna kuona ngati mafayilo ali bwino. Mizere inali 750, ndipo Kraken ukapanda kuiuza imagawa yokha mwachisawawa, magawo 9 ophunzitsira, gawo limodzi loyesera. Madzulo pa sikirini panaoneka `val_accuracy` ya 0.97, kutanthauza zilembo 97 zolondola pa 100 zilizonse m'mizere yoyesera. Bwana anadutsa, anaiona, ndipo ndinawauza pomwepo kuti nambalayi asaikhulupirire.

Lachitatu m'mawa ndinaipeza mu lipoti la bwana. Analemba kuti modelo yafika pa 97 pa 100, masamba otsala onse adutsemo sabata yomweyo, ndipo otayipa sadzafunikanso mwezi ukatha.

Ndinapita kukawaona. "Bwana, mundipatse ola limodzi musanatumize lipotili. Ndikufuna muone ndi maso anu." Anayankha kuti makina sanama, koma anavomera.

Makina sananame. Anayankha funso lomwe anafunsidwa, lomwe silinali funso lathu. Mizere 75 yoyesera ija inachokera m'masamba omwe aja ophunzitsira. Mzere wachisanu wa tsamba unali wophunzitsira, wachisanu ndi chimodzi woyesera: peni yomweyo, inki yomweyo, tsiku lomwelo, nkhani yomweyo, mayina omwewo. Zili ngati kumufunsa mwana mayeso pa tsamba lomwe waloweza dzulo. Komanso nambala imeneyi ndi yomwe pulogalamu imayang'ana posankha poimira ndi modelo yoti isunge, choncho imakomera modeloyo pang'ono nthawi zonse.

Ndinatsegula tsamba la buku lachisanu. Apa mlembi anali atakalamba. Anasiya peni ya inki n'kuyamba pensulo, zilembo zinapendekeka, `n` ndi `u` zinasanduka kamzere kamodzi kokhotakhota, ndipo kumapeto kwa mzere ankapanikiza mawu kuti akwane. Mnzanga anatayipa tsambalo mosamala, tinayerekeza ndi zomwe modelo inatulutsa. Tsamba limodzi lili ndi mizere 25, uliwonse zilembo pafupifupi 40, kutanthauza zilembo 1,000. Lipoti linkalonjeza zolakwika 30 pa tsamba. Tinawerenga 120, kuphatikiza zilembo zosinthidwa, zosowa ndi zowonjezedwa. CER, muyeso wa zilembo zolakwika, inali 12 pa 100. Tsiku lomwe mlembi analemba 17 linatuluka 11, ndipo dzina la munthu mmodzi linalembedwa mitundu itatu pa tsamba lomwelo. M'dayale anthu amafufuza masiku ndi mayina, ndiye zolakwika zinagwera penipeni pofunika. Bwana anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Ndiye mukufuna chiyani?"

Ndinapempha masamba ena 30, koma osankhidwa ndi ine: 6 m'buku lililonse mwa mabuku 5 otsalawo, ena a koyambirira, ena a pakati, ena a kumapeto, makamaka omwe ali ndi manambala ambiri ndi olembedwa mothamanga. Anthu akamamva kuti mlembi ndi mmodzi amaganiza kuti dzanja ndi limodzi, pomwe munthu wa zaka 30 ndi wa zaka 50 salemba mofanana. Pa ntchito yaing'ono ngati iyi, komwe masamba achokera n'kofunika kuposa kuchuluka kwake.

Tikukonzekera, panatulukanso vuto lina lomwe linandipweteka kwambiri, chifukwa likanapewedwa ndi pepala limodzi la malamulo a katayipidwe. Pepalalo ndinalipempha ntchito isanayambe, ndinauzidwa kuti misonkhano imadya nthawi. Mlembiyu amafupikitsa mayina a miyezi ndi a anthu omwe amawatchula kawirikawiri. Mnzanga wina ankatayipa zomwe akuona, winayo ankamalizitsa mawu onse pofuna kuthandiza owerenga. Palibe wolakwa, palibe anawauza. Koma modelo imalumikiza inki ndi zilembo kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndiye ukaipatsa zilembo 9 pomwe pa pepala pali 4, ukuiphunzitsa kulemba zomwe palibe. Chizindikiro chake chimaoneka mu `ketos test`, lamulo loyesera modelo: zilembo zowonjezedwa ndi zosowa zimachuluka, ndipo ukayang'ana mizere yake zimaunjikana pa mawu omwewo ofupikitsidwa. Tinagwirizana kuti titayipa zomwe zili pa pepala basi, ndipo kumalizitsa mawu kudzachitika pambuyo pake, pa fayilo ina. Masamba 30 oyamba aja tinawabwereza onse.

Lachinayi anzangawo anagwira mpaka usiku, akukonza zotuluka m'modelo m'malo motayipa kuyambira pachiyambi. Njira imeneyi ndi yachangu, koma diso likatopa limavomereza cholakwika chooneka ngati mawu enieni, choncho masamba oyesera aliyense ankawerenganso a mnzake. Ndimawanyadira anthu amenewa. Ndi omwe lipoti linati safunikanso.

Masamba 60 ndinawagawa ndekha, tsamba lathunthu mbali imodzi: 48 ophunzitsira, 6 oyesera pophunzitsa, ndi 6 otsekera osakhudzidwa mpaka kumapeto, limodzi m'buku lililonse.

```
ketos train -f page -i base.mlmodel --resize union \
  -t train.txt -e val.txt -r 0.0001 --augment
ketos test -f page -m model_best.mlmodel -e test.txt
```

Ndinasankha `union` dala, chifukwa imasunga zilembo zonse zomwe modelo inkadziwa kale. Ukaika `new`, modelo imataya zilembo zonse zomwe sizinapezeke m'masamba ophunzitsira, ndipo m'masamba 48 chizindikiro chosowa chitha osaonekamo n'komwe, chonsecho chili pa tsamba 700. Liwiro la kuphunzira ndinaliika lotsika kuti modelo isaiwale zomwe inkadziwa kale n'kungoloweza mizere yathu yochepayi.

Lachisanu masana zotsatira zinatuluka. Pa masamba 6 otsekera aja CER inali 6 pa 100: buku loyamba pafupifupi 4, la pensulo 9. Nambalayi ndi yosakongola poyerekeza ndi ya Lachiwiri, koma ndi yomwe ndingasainire, ngakhale masamba 6 ndi ochepa ndipo itha kusuntha tikayesa ena. Mawu wamba tsopano akuwerengeka. `1` ndi `7` zikusokonezekabe, ndipo mawu olembedwa m'mbali mwa tsamba akutayika pa kadulidwe ka mizere, lomwe ndi vuto la modelo ina, osati iyi.

Lipoti linakonzedwa, nambala ya 97 inachotsedwa, ndipo munalembedwa kuti deti ndi dzina lililonse liziwerengedwa ndi munthu. Otayipa awonjezeredwa mwezi umodzi wokha. Masamba 840 otsala, anthu awiri, mwezi umodzi: ndawerengera, sizikwana, ndipo ndalemba kalata yonena zimenezo. Sabata ikubwerayi ndiyamba ndi masamba ena 10 a buku la pensulo.